Za maantibayotiki aja a ku Ndirande

Ndidafunsa kuti: "Kodi pa chithunzi mungazindikire ngati mankhwala ndagula pamsikawa ali enieni?"

Zikomo amene mudati ndijambulenso masana, pafupi, mbali zonse. Ndidatero. Pa bokosi palembedwa EXP 08/2026, koma pa kapepala konyezimira kophimba makapusozi pali tsiku lina, ndipo nambala ya gulu, ya pa Batch No., siyikufanananso. Chidandizizimutsa kwambiri n'choti tsiku la pabokosilo lili pa kapepala komata. Nditakakanda ndi chikhadabo, pansi pake padatuluka 2023!

Zilembo zooneka zofufutika pa chithunzi zija sindikuziwerengera kwenikweni, mwina ndi kamera ya foni yangayi. Dzulo ndidapita nawo ku famase ku Limbe, ndipo adandiuza kuti ndisamwe, ndikanene ku PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala. Bokosilo ndasunga.