Chimbudzi changa sichikugejemuka bwino, thandizeni

Wosadzitchula dzina: Abale thandizeni maganizo. Ndikuchita lendi ku Mpondasi, chimbudzi chamadzi chandisowetsa mtendere. Ndikagejemula madzi akungotsika ofooka, zinthu osapita mpaka nditathira ndowa. Alandilodi sayankha foni koma tsiku la lendi saiwala, chitseko cha bafa chomwe sanakonze. Apongozi akubwera Loweruka, ndiwalandira bwanji ndi kutentha kunoku?

Ankolo a ku M'baluku: DZENJE LADZAZA BASI! Itanani galimoto yopopa. Kwanga zinayamba chonchi, mapeto ake uve pabwalo ponse.

Mayi a Chisomo: Ankolo werengani bwino. Akuti akathira ndowa zikupita. Dzenje likadzaza ngakhale ndowa sithandiza, madzi amakwera n'kumatsika pang'onopang'ono.

Ankolo a ku M'baluku: Mwamangapo nyumba zingati inu?

Pulambala wa ku Makawa: Mayi akunena zoona, paipi yopita kudzenje ili bwino. Achemwali simunatiuze chachikulu: m'thanki madzi akulekeza pati? Chotsani chivundikiro, mudikire mpaka asiye kulowa. Ayenera kutsala masentimita 2 kapena 3 kuti afike pakamwa pa kapaipi kotayira madzi akasefukira. Ngati akulekeza pakati, ndiye kuti mpira woyandama uja ukutseka msanga. Ndodo yake ikakhala yachitsulo ipindireni m'mwamba pang'ono. Yapulasitiki musapinde ithyoka, ili ndi sikuluu yosinthira.

Bambo a Yusufu: Kumbani chokumba kuseri mupume, cha agogo sichinafunepo pulambala 😂

Wosadzitchula dzina: Sindinatsegulepo, ndikuopa angati ndaswa ndine. Koma madzi akutsikira mbali imodzi, kumanzere kouma.

Pulambala wa ku Makawa: Ndiye timabowo ta pansi pa mkombero tatsekeka. Ngati nyumbayo imamwa madzi a pamjigo amchere aja, amasiya zoyera zolimba zonga za m'ketulo. Ikani kalilole pansi pa mkombero muunike ndi tochi ya foni, mutiona. Tokosani kamodzikamodzi ndi waya, osamenya ndi msomali. Kenako nyikani mapepala a kuchimbudzi mu viniga, muwamate pamenepo usiku wonse, m'mawa mukweche ndi burashi n'kugejemula.

Ankolo a ku M'baluku: Viniga ndi wothira mu tchipisi! Ngati mukukana za dzenje thirani asidi wa batire ndi jiki, zitheretu.

Mayi a Chisomo: Chonde musayerekeze! Jiki akakumana ndi asidi, ngakhale viniga yemwe, amatulutsa mpweya wa poizoni, muli m'kachipinda kotseka. Changa chinali china: mnyamata wanga anaika botolo la malita 2 m'thanki ati kuchepetsa bilu. Suzumiraninso zimenezo.

Ankolo a ku M'baluku: Mudzandikumbukira mvula ikayamba, nyanja ili pafupi pamenepo, madenje sachedwa kudzaza.

Wosadzitchula dzina: Nanga ndalama ya viniga ndingadule pa lendi?