Yankho la 56848 kJ/mol lija: ndaona masamu anu

“Ndinasakaniza 50 mL ya HCl ndi 50 mL ya NaOH, zonse za 1.0 mol/L. Kutentha kunakwera kuchoka pa 22.0 °C kufika 28.8 °C, ndipo ndapeza ΔH = +56848 kJ/mol. Kodi ndakhoza?”

Zikomo potumiza masamu onse monga ndinakupemphani. Kuchulukitsa mwachita bwino, chasokonekera ndi muyeso:

```
q = 100 g × 4.18 J/(g·°C) × 6.8 °C = 2842.4 J
2842.4 J ÷ 0.050 mol = 56848 J/mol
```

Onani 4.18 uja: ali mu J, ndiye yankho limatulukanso mu J. Mukagawa ndi 1000 mupeza 56.848 kJ/mol.

Chimene ndikufunitsitsa muzolowere ndi kulibweza yankho m'kapu momwe lachokera. Likadakhala loona, madzi a 100 g aja akadalandira 2842 kJ. Komatu kuwawiritsa mpaka kuphweratu kumangofuna pafupifupi 260 kJ. Inu munatsala ndi madzi ofunda chabe, choncho nambalayo ndi yosatheka. Ngakhale gasi wa CH₄ akamayaka amangotulutsa 890 kJ/mol.

Chizindikiro nachonso chisinthe. Madzi anatentha chifukwa asidi ndi NaOH anatulutsa kutenthako, ndiye ΔH ikhale ndi −.

Manambala asanu aja ndi a kakyuleta, osati a chipangizo chanu choyezera kutentha. 28.8 kuchotsa 22.0 kumasiya 6.8, manambala odalirika awiri okha. Lembani −57 kJ/mol, ndipo n'zimene zimayembekezeka asidi wamphamvu akakumana ndi NaOH.