Pansi pali zigwa ndi zitunda, bwana akufuna matailosi opanda mipata

Madalitso (Budiriro): Akuluakulu mwaswera bwanji. Ndapeza ganyu kuno ku Harare yoyala matailosi m'chipinda chochezera, mamita 5 kwa 4. Matailosi anagula kale, a poselini, 600 kwa 600. Vuto ndi pansi. Anathira simenti kalekale koma sanasalaze, ukamayenda phazi limamva. Bwana wagula matumba anayi a guluu otchipa aja ndipo akuti sakufuna kuona mizere, matailosi agundane ngati ku hotela. Ndiyambe Lolemba. Ndingothira guluu wambiri pomwe palowa?

Che Yusufu (Mbare): Mphwanga usavutike. Sakaniza simenti ndi mchenga, nyika matailosi m'madzi usiku, uyale pa matope okhuthala. Pomwe palowa uwonjezera matope, pomwe patukuka uchepetsa. Kumudzi timayala choncho ndipo nyumba zilipo mpaka lero.

A Phiri (Mufakose): Che Yusufu, njira yanuyo imagwira pa selamiki, ija yofiira kumbuyo, chifukwa imamwa madzi ndipo simenti imalowa m'timabowo take n'kugwira. Poselini samwa. Madzi amene imamwa safika ndi theka la peresenti, muinyike sabata yonse ituluka momwe inalowera. Pa simenti wamba imakhala ngati yagwira, pakapita miyezi mukagogoda ikulira ngati ng'oma. Madalitso, usanaganize za guluu tiyambe tadziwa kuti pansipo pavuta bwanji. Uli ndi chitsulo chowongoka cha mamita awiri?

Madalitso (Budiriro): Ndili ndi levulo yaitali ya aluminiyamu, mamita awiri ndendende.

A Phiri (Mufakose): Yomweyo. Uigoneke pansi malo osiyanasiyana, m'litali, m'lifupi ndi mopingasa. Pomwe pakuoneka mpata pansi pake uyeze ndi tepi, uzungulize ndi choko n'kulemba nambala pomwepo. Pomwe levulo ikugwedezeka ngati katungwe ndiye pachitunda, ulembe X. Pansi pabwino poyalapo matailosi akuluakulu mpata usapitirire mamilimita 3 pa mamita awiriwo. Ukamaliza uchite zinanso zitatu. Ugogode pansi ponse ndi hamala, umve ngati pena pakulira mwa mphako. Ukande ndi msomali, ngati pakutuluka mchenga ngati ufa ndiye kuti simenti inachepa. Kenako udontheze madzi pang'ono uone ngati akulowa kapena akungokhala pamwamba.

Madalitso (Budiriro): Ndapitako madzulo ano. Pakati pa chipinda pali chigwa, mamita awiri kwa mita ndi theka, pakatikati palowa mamilimita 15. Pakhomo lolowera kukhitchini pali chitunda cha mamilimita 6 kapena 7. Kwina konse ndi 2, 3, 4. Pogogoda palimba, msomali ukungosiya kamzere. Koma madzi sakulowa, akungopanga timipira. Pansipo ndi pofiira, amayi ake amapaka polishi.

A Phiri (Mufakose): Ndiye mdani wako wamkulu si chigwacho ayi, ndi polishiyo. Nyumba za kuno mukudziwa, polishi wofiira amapakidwa sabata ndi sabata zaka ndi zaka, phula lake linalowa m'simenti. Guluu aliyense, ngakhale wodula chotani, agwira phulalo osati simenti. Kukolopa ndi sopo sikuchotsa. Pamafunika gilaindala ya disiki yopalira simenti, upale mpaka paoneke potuwa pokhakhala, ndipo madzi ukadontheza alowe n'kudetsa simentiyo. Chitunda cha pakhomo uchidyere limodzi nthawi yomweyo. Uvale chotseka mphuno chenicheni ndi magalasi, fumbi la simenti limawononga mapapo, ndipo zitseko za zipinda zina utseke ndi pulasitiki, apo ayi mayiwo akuthamangitsa ntchito isanayambe.

Che Yusufu (Mbare): Ife timangotema ndi chisolo timabala timabala.

A Phiri (Mufakose): Zimathandiza pa simenti yosalala yopanda polishi. Pa polishi, pakati pa mabalawo phula likhala likadalipo. Koma ngati magetsi avuta ndipo palibe jenereta, kutema pafupipafupi kwambiri kuposa kusiya choncho, sindikana.

Nangozo (Mabvuku): Pepani ndilowererepo. Ine sindine mmisiri, ndimagwira m'nyumba. Kwa abwana anga matailosi a pakhonde anatukuka okha mwezi wa Okutobala, masana dzuwa lili pamutu, anachita kuphulika ngati mfuti, mizere iwiri inaima ngati denga. Abwana akuti ndi madzi amene ndimakolopera. Zoona zimenezo?

A Phiri (Mufakose): Mayi, si chikolopa chanu. Taonani m'mphepete, matailosiwo agunda khoma kapena pali mpata?

Nangozo (Mabvuku): Agunda, ndipo anamatapo simenti. Pakati pawonso mpata ndi wongolowa chikhadabo.

A Phiri (Mufakose): Ndi chimenecho. Tailosi ikatentha imafutukuka pang'ono, simenti yapansi nayo imayenda mwa iyo yokha. Zikasowa kopita zimakankhana mpaka zofooka zitukuke. Madalitso, nkhani ya mayiwa ukawauze bwana wako. Tibwerera ku mipata, ndimalize kaye za chigwa.

Guluu wamba wa matailosi anapangidwa kuti akhale wopyapyala, mamilimita 3 mpaka 6 tailosi ikatsindiridwa. Ukamuunjika mamilimita 15 kapena 20 amanyala pouma n'kukokera tailosi pansi. Madzulo usiya zili bwinobwino, m'mawa upeza ngodya ina yatsika, ya inzake yatsala m'mwamba ikudikira chala cha mwana. Komanso guluu ndi wodula kuposa chodzazira, ndiye ukutaya madola a mwini wake.

Chigwa chakocho udzaze pachokha tsiku lake. Njira yosavuta ndi simenti yodzisalaza yokha, ija imasungunulidwa ngati phala la madzimadzi n'kuthira. Masamu ake: malo ndi masikweya mita 3, pakati 15 koma m'mbali mukutha, ndiye titenge mamilimita 8. Zambiri mwa izo zimadya pafupifupi makilogalamu 1.7 pa sikweya mita pa milimita iliyonse. 3 kuchulukitsa 8 kuchulukitsa 1.7 ndi makilogalamu 41, matumba awiri a 20 ndi pang'ono. Uwerenge pathumba kuti imalola kukhuthala mpaka pati, chifukwa zimasiyana, ndipo usanathire upake pulaima imene alemba, mankhwala amadzi opaka pa simenti yakale. Ukapanda kupaka, simenti yakale imamwa madzi msanga, pamwamba pamatuluka timabowo ndipo chigambacho chimadzasupuka.

Madalitso (Budiriro): Yodzisalaza ija bwana sangalole, akulira kale ndi mtengo wa matailosi. Simenti ndi mchenga sizingatheke?

A Phiri (Mufakose): Zitheka, koma ndi bondingi, madzi oyera ngati mkaka aja. Simenti imodzi, mchenga wa kumtsinje wosefa itatu, usakanize ndi bondingi monga alembera pachigubu. Poyamba upake phala la simenti ndi bondingi pansipo ndi bulashi, lisanaume uthire matopewo n'kukoka ndi levulo yako, mbali zake zitatsamira pomwe pali bwino. Kuipa kwake n'kwakuti matope a mchenga sakonda kupyapyala, m'mphepete momwe akutha amafumbutuka. Ndiye dzaza pakati pokha pomwe papitirira mamilimita 6 kapena 7, m'mbalimo usalaze ndi guluu wa matailosi ndi mbali yosalala ya chipande, uusiye aume. Ndipo uyenera kudikira. Amisiri timawerengera tsiku limodzi pa milimita iliyonse, ndiye 15 ndi masabata awiri.

Che Yusufu (Mbare): Masabata awiri a Phiri! Kutentha kwa Harare kuno masiku anayi pauma gwa. Mnyamatayu adya chiyani akudikira?

A Phiri (Mufakose): Nyengo yotentha pamafulumira, zoona, koma mu Juni ndi Julayi ayi. Madalitso, mata pulasitiki pachigambacho ndi tepi mbali zonse madzulo. M'mawa ukapeza thukuta pansi pake kapena simenti yada, sipanaume.

Che Yusufu (Mbare): Ine ndimayala pakangotha masiku anayiwo ndipo palibe anandiitanapo.

Limbani (Chitungwiza): Gilauti yodzazira m'mipata ya matailosi yabwino ndi yotuwa akulu, yoyera imada msanga ndi dothi lofiira la kuno.

Madalitso (Budiriro): Tisanafike pa gilauti achimwene, guluu amene wagulidwayu nditani naye? Pathumba ajambula matailosi a selamiki.

A Phiri (Mufakose): Akabweze asinthe ndi wolembedwa kuti ndi wa poselini. Matumba ena amalemba C1 kapena C2, iwe ufune C2, muli mankhwala omata amene amagwira ngakhale tailosi yosamwa madzi. Akakana kulandira, funsa m'sitolomo ngati guluuyo amalola kusakaniza ndi bondingi m'malo mwa madzi, ena amalola. Uonenso tsiku limene anapangidwa, ndipo thumba lokhala ndi mibulu yolimba ulisiye, linalowa chinyezi.

Matumba anayi ndi ochepanso. Pa 600 kwa 600 ugwiritse chipande cha mano a mamilimita 10 kapena 12, upese mizere yolunjika mbali imodzi osati mozungulira, kuti mpweya utuluke potsindira. Kumbuyo kwa tailosi upakenso guluu wopyapyala. Mwa njira imeneyi thumba la makilogalamu 20 limayala masikweya mita anayi kapena kuchepera, ndiye pa masikweya mita 20 akowo agule asanu ndi limodzi. Zoika mibulu isanu ya guluu, m'ngodya ndi pakati, usayese. Ndikudziwa anthu amakonda pansi pakavuta chifukwa tailosi imakhala levulo msanga, koma pansi pake pamatsala mphako, mwendo wa sofa ukaponda pamenepo yasweka. Ukayala zitatu zinayi uzule imodzi uone kumbuyo, guluu akhale atagwira pafupifupi ponse. Ukaona mizere ya mano ili chiimire, sunatsindire kapena guluu anauma pamwamba. Kukatentha usapake malo oposa matailosi awiri atatu nthawi imodzi, mphindi 15 zokha amayamba khungu. Umukhudze ndi chala, akapanda kumata chala umupale uike wina, ndipo wolimba mu ndowa usamuthire madzi.

Madalitso (Budiriro): Nanga mipata? Apa ndiye pali nkhondo ndi bwana.

A Phiri (Mufakose): Tenga matailosi awiri uwagundanitse nkhope ndi nkhope. Nthawi zambiri upeza akugundana pakati, m'ngodya muli kampata, chifukwa akuluakuluwa amapindika pang'ono powotcha. Mpata wa gilauti ndi umene umabisa zimenezo pamodzi ndi zotsalira za pansi pako. Ngati m'mphepete mwake ndi modulidwa mwakuthwa ndi makina, mamilimita 3. Ngati ndi mozungulira pang'ono, kapena ukayeza sakufanana kukula, 5. Uyale molunjika, osati ngati njerwa theka ndi theka, chifukwa pamenepo msana wa ina umakumana ndi ngodya ya inzake. Ku khoma usiye mamilimita 5 kapena kuposa mozungulira chipinda chonse, mopanda guluu kapena gilauti, sikating'i ya m'munsi mwa khoma idzaphimba. Pakhomo la kukhitchini uike silikoni m'malo mwa gilauti.

Limbani (Chitungwiza): Ine pa poselini ndimaika mipata ya mamilimita 2 ndi timapulasitiki tokokera matailosi tija, zimatuluka bwino.

A Phiri (Mufakose): Timapulasitikito ndi tabwino, timafananitsa milomo. Koma sitidzaza chigwa, tailosi tikhoza kuikweza n'kusiya mphako pansi. Pa 2 ine pansi ngati apa sindingayerekeze, pena pamene anasalaza bwino mwina.

Gilauti adikire maola 24 kuchokera pomwe wayala yomaliza, kukazizira masiku awiri. Guluu amene watumphukira m'mipata umuchotse akadali wofewa, gilauti ilowe mpaka pansi, ikangokhala pamwamba imasweka n'kutuluka ndi tsache. Pa mipata ya 3 chipinda chakocho chidya makilogalamu atatu, thumba la 5 likwana. Uisakanize yokhuthala, upukute ndi siponji yofinya bwino, madzi akachuluka mtundu umatuluka mawangamawanga. Limbani wanena zoona pa yotuwa, koma ukasankha yofanana ndi tailosi mizere siionekera patali, mwina bwana angagonjere pamenepo.

Madalitso (Budiriro): Ndalankhula nawo. Guluu avomera kusintha, 3 avomera monyinyirika. Za masabata awiri akana, akuti alendo akubwera kumapeto kwa mwezi. Ndawaonetsa mtengo wa matumba awiri a yodzisalaza aja, akuti aganiza. Alipo ali ndi gilaindala yaikulu mbali ya Budiriro kapena Glen View andibwereke Loweruka?

Che Yusufu (Mbare): Yanga ilipo koma disiki ugule wekha, upite ku msika wa Siyaso m'mawa. Uibweze Lamlungu, Lolemba ndili nayo ntchito ku Hatfield.