Fomula ya Gordon ikundipatsa 600 pomwe sheya ikugulidwa pa 150

Watsopano: Akuluakulu, thandizeni. Abwana andipatsa kampani ina yopanga katundu kuti ndipeze mtengo woyenera wa sheya yake, ndipo akufuna lipoti Lolemba. Chaka chathachi kampaniyi inapereka dividendi ya 12 pa sheya iliyonse. Pa zaka zisanu zapitazi dividendi yakhala ikukwera ndi 14 peresenti pa chaka. Phindu limene ogula masheya amayembekezera, kuno kuofesi timaliika pa 16 peresenti. Ndachita chonchi:

```
P = 12 / (0.16 - 0.14) = 600
```

Koma pamsika sheyayi ili pa 150. Ndilembe kuti makasitomala athu agule msangamsanga? Mtima ukukana.

Wamaakaunti: Achemwali, vuto ndaliona kale. Pamwamba pa fomula sipakhala dividendi imene anthu analandira kale ayi, pamakhala ya chaka chikubwerachi. Wogula sheya lero, 12 ija saiona, inapita ndi mwini wakale.

```
P0 = D1 / (r - g)
D1 = D0 * (1 + g)
```

Apa P0 ndi mtengo wa sheya lero, D0 ndi dividendi ya chaka chatha, D1 ndi ya chaka chikubwerachi, r ndi phindu limene ogula masheya amayembekezera, g ndi liwiro limene dividendi ikukwerera. Konzani pamenepo, ziyenda.

Watsopano: Zikomo achimwene, ndakonza. D1 yabwera 13.68, ndipo mtengo wafika 684. Ndiye kuti zangoipiraipira.

Wamaakaunti: Aaa. Basi mwina msika ukugonadi.

Nkhalakale: Msika sukugona. Za D1 achimwenewa anena zoona, koma nthenda yeniyeni ili pansi pa mzere, pa 14 peresentiyo. Mukalemba g mu fomula imeneyi simukunena za zaka zisanu zapitazo kapena zisanu zikubwerazi. Mukulumbira kuti dividendi idzakwera ndi 14 peresenti chaka ndi chaka mpaka kalekale. Pa liwiro limenelo ndalama imawirikiza kawiri pa zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Kampani yokula mofulumira kuposa chuma cha dziko lonse popanda kulekeza, tsiku lina idzaposa dzikolo, ndipo zimenezo sizichitika.

Taonaninso mmene yankho lanu likugwederera. Siyani g pa 14, musinthe r yokha. Pa 15 peresenti mtengo ndi 1,368. Pa 17 peresenti ndi 456. Mwangosuntha r pang'ono uku ndi uku, koma mtengo wa uku ndi katatu wa uko. Mpata wa pakati pa r ndi g ukachepa chonchi, ine sindiwerenganso yankho, ndimabwerera kukafunsa kumene g yachokera.

Tandiuzani zinthu zitatu: phindu la pa sheya chaka chatha, ROE imene ndi peresenti yomwe ndalama za eni masheya zimabala pa chaka, ndi gawo la phindu limene ankagawa zaka zisanu zapitazo.

Watsopano: Phindu la pa sheya ndi 20, ROE ndi 18 peresenti. Zaka zisanu zapitazo phindu linali 13.85 ndipo dividendi inali 6.23.

Nkhalakale: Ndi pamenepotu. Kale ankagawa 45 peresenti ya phindu, pano akugawa 12 pa 20, imene ndi 60 peresenti. Phindu lenilenilo lachoka pa 13.85 kufika pa 20, kumene kuli kukwera kwa pafupifupi 7.6 peresenti pa chaka. Kwinako dividendi yakwera chifukwa bodi yakhala ikukuza nthuli imene ikupatsa eni masheya, pomwe nyamayo sikukula mwa liwiro limenelo. Kukuza nthuli kuli ndi malire. Akadzafika pogawa phindu lonse adzakwezanso kuchokera pati? Ndipo akamagawa zambiri, zotsala zokuzira bizinesi zimachepa.

Ndiye g tiipeze kuchokera m'kati mwa kampani. Amasunga 40 peresenti ya phindu, ndipo ndalama za eni masheya zimabala 18 peresenti pa chaka:

```
g  = 0.40 * 0.18 = 0.072
D1 = 12 * 1.072 = 12.864
P0 = 12.864 / (0.16 - 0.072) = 146.18
```

146 ndi 150 sizikutalikirana. Ine ndimakondanso kuitembenuza fomulayi, n'kufunsa kuti anthu amene akugula pa 150 akuyembekezera g yanji:

```
g = (150 * 0.16 - 12) / (150 + 12) = 0.074
```

Msika ukuti 7.4, mabuku a kampani akuti 7.2, mbiri ya phindu ikuti 7.6. Amene ali yekhayekha ndi 14 wanu uja.

Wakuinshulansi: Pepani kulowerera, koma nanenso ndili ndi yangayanga. Kampani imene ndikuiona ine ikukula ndi 25 peresenti, r yanga ndi 18, ndipo fomula ikundipatsa mtengo wokhala ndi mainasi kutsogolo. Komanso dividendi anangopereka kawiri kokha chiyambireni. Kodi ndiye kuti sheyayi ndi yopanda pake?

Nkhalakale: Ayi bambo, mainasiyo sikunena chilichonse za kampani yanu. Fomulayi ndi chidule cha kuphatikiza madividendi a zaka zonse zakutsogolo, iliyonse itabwezedwa ku mtengo wa lero. Chidulecho chimagwira pokhapokha r ikaposa g, chifukwa ndi pamene dividendi ya chaka chakutali imachepera mphamvu kuposa ya chaka chapafupi. Zanuzo zimafuna magawo awiri: muwerenge madividendi a zaka zokula msanga chaka chilichonse pachokha, kenako Gordon abwere kumapeto, kampani itakhazikika. Koma ya madividendi awiri okha, ine ndikanayang'ana ndalama zimene bizinesi ikutsala nazo m'malo mwa dividendi. Tsegulani nkhani yanuyanu, tisawasokoneze achemwaliwa.

Wamaodit: Madala, ine 146 wanuyo sindinamulandire. Akuoneka bwino chifukwa wagwera pafupi ndi mtengo wa pamsika, basi. Mwawadzudzula achemwali kuti 14 sangakhale mpaka kalekale, koma inunso mwaika ROE ya 18 mpaka kalekale, pamwamba pa r ya 16. Opikisana nawo adzangokhala n'kumaonerera? Tsitsani ROE ifike pa 16. Pamenepo g ndi 6.4 peresenti, D1 ndi 12.768, mtengo ndi 133. Komanso ROE imatha kunenepa ndi ngongole. Kampani ikabwereka kwambiri, mpamba wa eni masheya umaoneka wochepa, ROE n'kukwera, pomwe bizinesi ndi yomwe ija. Achemwali, ngongole zawo zili bwanji?

Watsopano: Zakwerako pa zaka ziwiri zapitazi. Anamanga fakitale yatsopano.

Nkhalakale: Mfundo ya ngongole ndaimva, ndipo iyenera kulowa mu lipoti. Koma kufanizira ROE ndi r kukutanthauza kuti phindu lililonse limene kampani yasunga silikuwonjezera kanthu pa mtengo wa sheya. Yesani: phindu la chaka chamawa 21.28, kugawa ndi 0.16, mupeza 133 yemweyo, ngati kuti agawa lonse. Kwa kampani imene yakhala ikubala zoposa r kwa zaka zingapo, kumeneko n'kuipondereza. Ine 133 ndingamuike ngati malire a pansi.

Wamaodit: Kwa ine ameneyo ndiye wapakati. Fakitale yatsopano sitinaone chimene ibale.

Wamaakaunti: Nanga 16 peresentiyo palibe akuifunsa bwanji? Ndayesa ndi g ya 7.2. Pa r ya 15 ndikupeza 165, pa 17 ndikupeza 131. Mkangano wanu wonse wa ROE ukukwanira m'kati mwa peresenti imodzi ya r. Achemwali, 16 ameneyu anawerengedwa liti? Ngati chiwongoladzanja cha mabondi a boma chasintha kuchokera nthawi imeneyo, nayenso ayenera kusintha. Muonetsetsenso kuti r ndi g zonse zili ndi kukwera mitengo kwa zinthu m'kati mwake. Imodzi ikakhala nako inzake ilibe, yankho limapotoka.

Watsopano: Ndinangoipeza mu fayilo ya chaka chatha, ndiwafunsa abwana mawa. Pakadali pano ndiika tebulo la r kuyambira 15 mpaka 17 ndi g ya 6.4 ndi 7.2, ndipo ndilemba kuti pa 150 sheyayi si yotchipa monga mbiri ya dividendi ikuonetsera. Chatsala chimodzi: dividendi amaipereka kawiri pa chaka, ina pakati, ina kumapeto. 12 ija ndi zonse ziwiri pamodzi. Ndisiye choncho?

Nkhalakale: Siyani choncho, koma mulembe. Fomula ikuyesa kuti ndalama yonse ibwera pakatha chaka, pomwe gawo lina limabwera msanga, ndiye mtengo wanu ukutsikirako pang'ono. Muonenso ngati 150 wa pamsikayo ali ndi dividendi yakumapeto imene yalengezedwa koma sinaperekedwe. Ngati ili momo, ichotseni kaye musanafanizire.