Kalata yachiwiri ndiilembe mouma kapena mofatsa?

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwezi watha ndinagula firiji pa kampani ina, koma itangofika kunyumba zinaoneka kuti siikuziziritsa. Ndinawalembera imelo yaulemu, ndinaikamo nambala ya risiti, tsiku logulira ndi chithunzi cha pepala la galanti. Mpaka lero zii, ngakhale kungoti talandira.

Tsopano ndikufuna kulembanso, koma mtima uli pawiri. Ndikalemba mofatsa, monga “mwina kalata yanga yoyamba sinakupezeni, chonde taonaninso”, ndikuopa kuti andiona ngati munthu wosavuta, fayilo yanga nkuiika pansi pa zinzake. Ndikalemba mouma, kuti “ndikufuna yankho pasanathe masiku 7, apo ayi nkhaniyi ndipita nayo ku bungwe loona za ufulu wa ogula”, mwina wowerengayo ndi kalaliki wosalakwa amene yoyamba ija sanaione nkomwe. Ameneyo ndiye ndikufuna andithandize, ndiye kumuopseza kundipindulira chiyani?

Mlamu wanga akuti ndiphatikize, mawu akhale aulemu koma tsiku lomalizira lilembedwe poyera, za kubungwe ndisunge kaye mpaka kalata yachitatu. Zikumveka, komatu galanti ndi ya miyezi 12 ndipo masiku akupita.

Inu amene munakumanapo nazo, tsiku lomalizira munaliika m'kalata yachiwiri kapena munadikira? Nanga kutumizako kope kwa bwana wa nthambi pa nthawi ino, kumafulumizitsa zinthu kapena kumangowakwiyitsa?