Ndithandizeni kalata iyi ndisanaitumize: mabolodi 19 mwa 60 akutaya nthawi

Wamabelu
Akuluakulu, ndimagwira ntchito pa wekishopu yopanga mawotchi oliza belu m'masukulu. Tinagula mabolodi 60 okhala ndi chipi ya wotchi ya DS1307 ndi kirisitalo ya 32.768 kHz. Mabolodi 7 sakuyenda n'komwe, masekondi angoima malo amodzi. Ena 12 akutsalira pafupifupi mphindi 4 pa tsiku, lero zitatu mawa zisanu. Sukulu ina yandiimbira kale kuti belu la bureki likulira ana atatuluka, ndipo manyazi andigwira. Bwana ati kalata yopita kwa wogulitsa ndilembe ndine. Ndalemba chonchi:

"Bwana, mabolodi amene munatigulitsa ali ndi makirisitalo owonongeka. Tataya makasitomala chifukwa cha inu. Tikufuna ndalama zathu zonse mwamsanga."

Ikwanira? Kapena ndiwonjezere chiyani kuti asandikanire?

Mayi a Tadala
Achimwene, 7 amenewo musafulumire nawo. DS1307 ili ndi biti yotchedwa CH, biti 7 ya rejisitala 00h. Ikakhala 1 wotchi siiyenda ngakhale kirisitalo ili bwinobwino. Ilembeni 0 kaye. Mwina vuto lonse ndi lomwelo.

Wamabelu
Zikomo mayi. Ndayesa pompano, awiri adzuka. Asanu akadali zii. Koma 12 aja amayenda kale, ndiye si CH.

Mnyamata wa mafoni
Sinthani makapasita a 22 pF aja, ine Arduino yanga inkavuta choncho.

Mkulu wa ma wailesi
Ayi mphwanga, za 22 pF ndi za kirisitalo ya 16 MHz ya pa Arduino. DS1307 makapasita ake ali m'kati, imangofuna kirisitalo ya 12.5 pF pa mwendo 1 ndi 2, osawonjezera kanthu.

Tsono a Wamabelu, kalata yanu ikunena kuti kirisitalo ndi yowonongeka koma simunaonetse umboni. Wogulitsa angokuyankhani kuti munawotcha nokha ndi solida. Yambani ndi masamu. Kirisitalo yabwino ya 20 ppm imasiyana ndi nthawi yeniyeni masekondi osapitirira awiri pa tsiku. Akanati anangoika ya 6 pF molakwika, wotchi ikanatsalira mphindi zochepa pa mwezi, osati pa tsiku. Zanuzo ndi masekondi 240 mwa 86,400, pafupifupi 2,800 ppm, ndipo zikusinthasintha. Kwa ine zikutanthauza kuti ikumaima n'kuyambiranso.

Musayeze pa miyendo ya kirisitalo. Kungoikhudza ndi waya wa osilosikopu ikhoza kuima, inu n'kuiweruza kuti ndi yowonongeka pamene ili bwino. Yatsani SQW/OUT pa mwendo 7 kuti itulutse 32.768 kHz, ikani rezisita yopita ku 5 V chifukwa mwendowo sukwera wokha, muyezere pamenepo. Muone ngati mafunde akudukaduka, ndipo mujambule.

Kenako tengani bolodi imodzi yabwino ndi imodzi yovuta, musinthanitse makirisitalo. Vuto likasamuka limodzi ndi kirisitalo, mlandu watha. Onetsetsani mbali zonse ziwiri, chifukwa nthawi zina bolodi yovuta imachira chabe poti mwasungunulanso solida n'kuchotsa litsiro la fulakisi limene limakoka chinyezi pakati pa miyendo iwiri ija. Zikatero vuto ndi kamangidwe ka bolodi, ndipo kalata iyenera kunena zimenezo. Enawo musawakhudze ndi chitsulo chotentha, abwerere monga anabwerera.

Za pampu ku Chikwawa
Ine anga ankatsalira nyengo ya mvula yokha. Nditatsuka ndi sipiriti n'kuumitsa anasiya. Komanso mwayeza batire? Ena amabwera ndi CR2032 yakutha kale.

Wamabelu
Mabatire onse akuwerenga kuposa 3 V. Ndasinthanitsa awiri monga mwanenera akulu: bolodi yabwino ija yayamba kudukiza, yovuta ija ikuyenda bwino kuyambira m'mawa. Ndaonanso kuti makirisitalo a mabolodi ovutawo alibe zolemba pathupi, pamene enawo ali nazo.

Wogula katundu pa kampani
Mfundo ya zolembayo ikhale m'kalata, ndi chithunzi chake. Ine ndimalandira makalata otere. Chotsani mawu akuti "chifukwa cha inu", ndipo musafune ndalama za 60 pamene 43 akugwira ntchito, mungowapatsa pokanira. Lembani nambala ya invoisi, tsiku lolandirira katundu, ndiye: "Mwa mabolodi 60, asanu sakuyenda ngakhale CH ili 0, ndipo 12 akutsalira pafupifupi mphindi 4 pa tsiku. Titasinthanitsa kirisitalo pa awiri, vuto linatsata kirisitalo. Tikupempha mutisinthire 17 amenewa pasanathe masiku 14, kapena mutibwezere ndalama zake." Muulule nokha kuti imodzi mwa 17 munaitsegula.

Mkulu wa ma wailesi
Awiri okha ndi umboni wochepa wonenera 17 onse. Ine ndikanayesanso imodzi mwa zisanu zakufazo.

Wamabelu
Ndiye ndikatsegulanso ina, sadzakana kulandira ziwirizo poti zakhudzidwa? Bwana akufuna kalata ipite mawa m'mawa.