Ndime ya mayi wa ku Melville Koppies yabwezedwa kawiri

Chikondi: Akuluakulu, amene mumachonga ntchito za ophunzira, ndithandizeni. Ndikulemba nkhani ya mawu 2,500 ya fenomenoloje ya chipembedzo, njira yofotokozera zimene anthu amakumana nazo m'chipembedzo monga eni ake amazimvera. Ndinapita Lamlungu katatu ku Melville Koppies, mapiri a mu Johannesburg, mbali ya kumadzulo komwe mipingo imapemphera m'mabwalo ozungulira, ndipo gulu lina linandilola kukhala nawo. Ndime imodzi yandikanika. Poyamba ndinalemba kuti, "Nyimbo itafika pachimake, Mzimu Woyera unatsikira pa mayi wina, nayamba kulosera." Aphunzitsi anabweza, akuti umenewu ndi umboni wa m'tchalitchi. Ndinasintha: "Atazungulira nthawi yaitali padzuwa, mayiyo anachita chizungulire ndipo ankaganiza kuti wagwidwa ndi Mzimu." Abwezanso, akuti ndaweruzanso. Nanga akufuna chiyani? Lachisanu ndikupereka.

Yusufu: Zosavuta achemwali. Chiganizo chilichonse muziyamba ndi "amakhulupirira kuti". Ine ndinapulumukira pomwepo chaka chatha.

Abusa Mwale: Ine ndikuona kuti muike mbali zonse ziwiri. Ndime imodzi zimene Baibulo likunena pa mphatso za Mzimu, ina zimene madokotala amanena. Wowerenga asankhe yekha.

Mayi Nabanda: Abusa, mukatero mwatsegula bwalo la milandu, pomwe ntchitoyi ikufuna kuti mlandu usakambidwe n'komwe. Funso lakuti "kodi unalidi Mzimu?" silikuyankhidwa kuti inde, kapena ayi, kapena theka. Likuikidwa pambali kwa kanthawi. Ndiyo epoke imene wafilosofi Husserl anaibweretsa mu fenomenoloje, ndipo katswiri wa zachipembedzo van der Leeuw anaigwiritsa ntchito pa za chipembedzo m'buku lake la 1933. Sakunena kuti usiye chikhulupiriro chako. Akuti pamene ukufotokoza, funso limenelo likhale m'mabulaketi.

Chikondi, vuto lako lili pa aneni. Ndachonga nkhani zotere zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chiweruzo chimabisala pamenepo nthawi zambiri. "Unatsikira" akuvomereza kuti Mzimu ulipo ndipo wachita kanthu. "Ankaganiza" akunong'oneza kuti mayiyo analakwitsa. Ndiponso chizungulire chija wachiika ngati chimene chinayambitsa zonse, pomwe iwe sunaone chizungulire, unaona munthu akudzandira. Chimene chayambitsa chinthu sichioneka ndi maso, n'chifukwa chake chimalowanso m'mabulaketi, kaya ndi Mzimu kaya ndi dzuwa.

Tandiuza zimene zili m'kope lako, usakonze. Unaona chiyani, unamva chiyani, iwo ananena chiyani?

Chikondi: Anali anthu 14, osavala nsapato. Ankazungulira akuwomba m'manja mphindi ngati 40. Mayiyo anaima mwadzidzidzi, mapewa akunjenjemera, mawu anasintha kukhala aakulu. Nyimbo inatsika, amayi awiri anamugwira m'mbali, mkulu anayandikira n'kuwerama kuti amve. Pambuyo pake ndinacheza nawo pa Chizulu changa chothyokathyoka, mnzanga akuthandiza kumasulira. Anati anamva kutentha kuchokera kumsana, kulemera pamapewa, mantha, koma sankafuna kuti zichoke. Anati "uMoya" unawafikira, sanauitane.

Mayi Nabanda: Ndime yako ndi imeneyo, unangoisiya m'kope. Iyale magawo atatu, wowerenga adziwe amene akulankhula pa chiganizo chilichonse. Choyamba zimene wina aliyense woima pamenepo akanaona. Chachiwiri mawu a mwini wake. Chachitatu iweyo, ukufotokoza maonekedwe a chimene anakumana nachocho. Mwachitsanzo:

"Patatha mphindi pafupifupi 40, mayiyo anaima, mapewa akunjenjemera, mawu atasintha. Gulu linatsitsa nyimbo ndipo mkulu anawerama kuti amvetsere. Iye mwini anafotokoza kuti uMoya unamufikira osauitana, ngati kutentha ndi kulemera, choopsa koma chosati n'kuchithawa. Kwa iye, chimenechi chimadza kuchokera kunja kwa munthu, ndipo kwa gulu, mawu otuluka pa nthawiyo salinso a mayiyo."

Waona? Palibe pamene ndati ulipo kapena kulibe, koma palibenso chimene ndachepetsa. Mawu akuti uMoya usawasinthe msanga kukhala Mzimu Woyera wa katekisimu wako, uyambe wafunsa iwo amatanthauza chiyani.

Yusufu, njira yako imagwira kamodzi, pa chiyambi cha ndime. Ukaibwereza kakhumi imamveka ngati "akuti" wathu uja, wonena uku ukupinda mlomo. Chinanso, mayiyo sananene kuti akukhulupirira kanthu. Ananena kuti anamva kutentha kumsana. Ukalemba "amakhulupirira" wasandutsa chomuchitikira m'thupi kukhala ganizo la m'mutu.

Yusufu: Pamenepo ndagonja. Koma mantha osafuna kuthawawo si zenizeni zimene analemba katswiri wa zachipembedzo Rudolf Otto? Chinsinsi choopsa ndi chokopa. Achemwali, ikani Otto 1917, mamalikisi ali pomwepo.

Mayi Nabanda: Amuike, koma pambuyo pa kufotokoza, osati patsogolo. Ukayamba ndi Otto umapita kuphiri kukasaka zimene iye analemba, ndipo umazipezadi. Otto ankaona kwambiri munthu payekha pamaso pa chopatulika. Apa pali amayi awiri ogwira m'mbali, pali mkulu womvetsera, pali nyimbo yotsika pa nthawi yake. Gulu limadziwa chochita. Chikondi akaonetsa pamene Otto akukwanira ndi pamene akuperewera, ndiye walemba nkhani.

Tiyamike: Ndilowepo ndi yanga. Ndinalemba za Gule Wamkulu, ndine wa kwa Kachindamoto. Ndinalemba kuti "amuna ovala zigoba", aphunzitsi sanaone vuto lililonse. Ine ndemwe ndinadziwa kuti kwathu chiganizo chimenecho n'chipongwe, pabwalo chimene chatuluka ndi chilombo chochokera kudambwe. Ndiye zimene mukuti "wina aliyense akanaona" zija, ndani ameneyo? Mlendo?

Mayi Nabanda: Wandigwira pabwino, Tiyamike. Gawo loyambalo silikhala loyera kotheratu. Wilfred Cantwell Smith ankati chimene walemba za chipembedzo chiyenera kukhala choti eni ake angachivomereze. Ndi muyeso wabwino wopezera chipongwe chobisika, ngakhale sumathetsa zonse, chifukwa eni akewo samagwirizana okhaokha. Chikondi, ngati ungathe, ndimeyo ukawawerengere mayiwo. Akati "sizinali choncho", funsa kuti pati.

Chikondi: Lamlungu likubwera Lachisanu litadutsa, koma nambala ya mnzanga womasulira ndili nayo. Pali chinanso. Mu ulosiwo anauza bambo wina kuti matenda ake atha. Sabata yotsatira bamboyo anachitira umboni kuti wachira. Ndilembe "anachira"?

Abusa Mwale: Ngati wachira wachira, mwanawe. Inu ophunzira mumaopa chiyani?

Mayi Nabanda: Lemba kuti anachitira umboni kuti wachira, ufotokoze chimene kuchira kukutanthauza kwa iye: tulo tabwerera, wayambanso ntchito, wayanjana ndi abale? Za m'magazi sunayeze. Koma pano ndi pamene ine ndimaikira malire. Funso lakuti Mzimu ulipo silingayezedwe, n'chifukwa chake Ninian Smart ankati wofufuza asaliyankhe. Funso lakuti kachilombo katha m'thupi limayezedwa ku kiliniki. Ukamva kuti bamboyo wasiya mankhwala, mabulaketi aja sakukuphimba, ukauze aphunzitsi ako tsiku lomwelo.

Tiyamike: Koma mayi, mukasiyanitsa choncho, si ndiye mwasankha kale kuti kiliniki ndiyo yoweruza? Kwa bamboyo kuchira n'kumodzi.

Mayi Nabanda: Ndasankhadi, sindikana. M'nkhani ndifotokoza kuchira kumodziko monga iye akukumvera. Kunja kwa nkhani ndine munthu wodziwa zimene zimachitika mankhwala akasiyidwa. Ena m'dipatimenti yathu amati ndikuphwanya njira yanga yomwe.

Chikondi: Za mankhwala sanatchule, ndipo sindinafunse. Ndichotsa chizungulire, Otto ndimusunthira kumapeto. Ndime ya bamboyo ndiitumiza pano usiku, mundionere aneni.